Hakata sizifotokoza za mumtima

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito ku Salisbury, ndipo kuno ku Mabvuku ndi kumene sing'anga wina wa Chishona anawaphunzitsa kuponya hakata. Kwathu tikanangoti kuombeza ula. Ine ndinatengera kwa iwowo. Ambiri amene amandipeza masiku ano ndi atsikana ndi anyamata a nkhani za chibwenzi, ndipo amafika ataonera kale mafilimu a makadi a taroti pafoni. Akufuna ndiwauze zimene zili mumtima mwa mnzawo. Ndimawauziratu kuti zimenezo hakata sizinena.

Hakata ndi timatabwa tinayi tosema, totalika ngati chala, tojambulidwa mbali imodzi yokha. Kali konse ndi munthu: Chitokwadzima ndi mwamuna wamkulu, Kwami ndi mayi wamkulu, Chirume ndi mnyamata, Nhokwara ndi mtsikana. Ndimagwira tiwiri dzanja ili, tiwiri dzanja ilo, n'kutigundanitsa, n'kutiponya pamphasa. Kamene kagwa chagada, chojambula chikuoneka, ndiye kuti munthuyo ali m'nkhani. Kamene kagwa chafufumimba kangokhala chete. Kagwedwe konse kangatheke ndi ka mitundu 16 basi.

Taroti ili ndi makadi 78, ndipo woombeza amayamba wakonza malo: apa pakhala zakale, apa zalero, apa maganizo a mwamuna. Khadi limatenga tanthauzo kuchokera pamalo pamene lagonekedwa, ndipo chithunzi chake chimapatsa woombeza nkhani yoti aluke. Maruni a kumpoto kwa Ulaya, zilembo 24 zija amazilemba patimiyala n'kumazitola m'kathumba, ali pafupiko ndi ife, poti alibe chithunzi cha anthu okumbatirana. Gebo ndi mphatso, Isa ndi madzi oundana, mawu amodzi okha, zotsalazo uganize wekha. Hakata zimaumira kuposa pamenepo. Sizifunsa kuti akumva bwanji. Zimafunsa kuti nkhaniyi waigwira ndani.

Mtsikana wina wa ku Tafara, makolo ake a ku Ntcheu, anabwera ndi nkhawa. Bwenzi lake la Chishona linali ku Joni, linapereka kale gawo la malowolo, koma mafoni anali atayamba kuchepa.

"Agogo, mundionere ngati ali ndi wina."

"Mwanawe, funso limenelo likupweteka chabe. Tifunse kuti chaimitsa ukwati n'chiyani."

Nditaponya, Chirume ndi Kwami anagwa chagada, enawo chafufumimba. Woombeza wosaleza mtima akaona mwamuna ndi mkazi atagwa limodzi amathamangira kunena kuti pali mkazi wachibwenzi. Komatu Kwami si mtsikana. Malinga ndi mmene ndinaphunzirira, katabwa ka mkazi wamsinkhu wa mtsikana ndi Nhokwara. Apa Nhokwara anali chete, kutanthauza kuti ngakhale mwini funso sanali pamene nkhani yake ikukambidwa. Chitokwadzima nayenso anali chete: akuluakulu aamuna sanakhale pansi.

Ndinamufunsa kuti kwa mwamunako mayi wamkulu amene amayankhula za ukwatiwu ndi ndani. Anati ndi tete, mlongo wa bambo a mnyamatayo. Ndinafunsanso ngati a kwawo anakumanapo naye. Ayi. Iwo ankadikira amalume, poti kwa ife nkhoswe ndi mwini mbumba, pamene kwa Ashona mawu a tete ndi amene amalemera. Mabanja awiri ankadikirana, aliyense akuona ngati mnzake ndiye wanyozera. Ndinamuuza kuti apite akauze amayi ake atumize munthu kwa teteyo. Ngati mnyamatayo anali ndi wina ku Joni, timatabwa tinayi sitikanadziwa, ndipo ndinamuuza zomwezo.

Chimene chimaononga ntchitoyi ndi kubwereza. Munthu sanakondwe ndi yankho, akuti muponyenso agogo. Poti magwedwe ake ndi 16 okha, ukalimbikira kuponya, limene akulifunalo lidzagwa ndithu, ndipo adzatuluka akumwetulira atanyamula bodza. A taroti nawo amachita zofanana akamangotola khadi lina loti "limveketse" loyambalo. Ine funso limodzi ndimaponyera katatu, n'kuona amene akubwerabwera. Zikasemphana katatu konseko, ndimati funso silinakhale bwino, tilikonzenso.

Dzina la munthu sinditchula. Lamulo la atsamunda la mu 1899 linkalanga woloza mnzake ufiti, koma ine chimene chimandiletsa ndi choti m'nyumba zathu zoyandikanazi dzina lotchulidwa m'mawa limafika pampopi dzuwa lisanatenthe. Ndipo mkazi akandionetsa mabala a kumenyedwa, hakata ndimazibwezera m'thumba, n'kumuuza apite kupolisi ndi kuchipatala.

Inu amene mukufuna kumva kuti amakukondani, mufunseni mwini wakeyo. Kwa ine bwerani mukafuna kudziwa khomo loyamba kugogoda.