Uchi wa mu Juni ndi uchi wa mu Okutobala

Anzanga, pali mlandu umene malume anga amazengedwa chaka chilichonse, ndipo ndaganiza kuti ndiwaimire pano pa bolodi. Malumewo ali ndi ming'oma ya njuchi kuseri kwa phiri la kwathu, ndipo uchi wawo ndi umene umandilipirira fizi. Mu Okutobala, kukatentha, ogula amapendeketsa botolo, akaona uchi ukuthamanga amati, "Achimwene, mwathiramo madzi umu." Mu Juni botolo lomwelo, uchi womwewo, amati, "Koma ndiye walimbatu, mwathiramo shuga eti?" Munthu mmodzimodziyo akhoza kunena zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Chasintha si uchi ayi, ndi nyengo.

Ntchito yothira uchi m'mabotolo Loweruka ndi yanga, ndiye nkhaniyi ndimaidziwa ndi manja, osati m'kope mokha. Ku Fizikisi ulesi umene chinthu chamadzimadzi chimakhala nawo poyenda amautcha visikosite. Kwathu timangoti chinthu ncholimba kapena nchamadzimadzi, monga timanenera za phala. Madzi alibe ulesi kwenikweni. Mafuta ophikira, pa madigiri 20, ndi aulesi kuposa madzi ka 50 kapena ka 60. Uchi ndiye mfumu ya ulesi: umaposa madzi kambirimbiri, nthawi zina mpaka ka 10,000, kutengera mtundu wake ndi madzi amene ali mkati mwake.

Apa musasokoneze kulimba ndi kulemera. Mafuta ndi olimba kuposa madzi, koma mukawathira m'madzi amayandama, chifukwa lita imodzi ya mafuta sikwana kilogalamu. Lita ya uchi ndiye imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Kulemera ndi nkhani ina, kuyenda ndi nkhani inanso. Ambirife timazisakaniza pa mayeso.

Nanga ulesiwo umachokera kuti? Chinthu chilichonse chamadzimadzi chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, mamolekyu, ndipo kuti chiyende tinthuti tiyenera kutsetsereka pa tinzake. Koma timakokana. Ganizirani mmene timatulukira m'kalasi belu la buleki likalira. Aliyense akamayenda payekha, mphindi imodzi kalasi yatha. Tsono tayerekezani kuti aliyense wagwira malaya a anzake awiri kapena atatu, ndipo khomo ndi lomwe lija. Mutuluka ndithu, koma ogulitsa zitumbuwa adzakhala atatopa kudikira. Uchi uli choncho. Pa magawo 100 a uchi, pafupifupi 80 ndi shuga, madzi ndi 17 kapena 18 okha. Molekyu iliyonse ya shuga ili ndi malo angapo ogwirira inzake, ndipo madzi oti alowe pakati ndi kuwalekanitsa ndi ochepa. Mafuta ndi osiyana pang'ono. Mamolekyu ake ndi aataliatali, a michira itatu, ndipo amakhulana m'litali mwawo monse podutsana. Sagwirana mwamphamvu ngati shuga, nchifukwa chake mafuta amayenda msanga kuposa uchi.

Kutentha kumachita chinthu chimodzi basi: kumapatsa tinthuti mphamvu. Tikatenthedwa timanjenjemera kwambiri, timadumphadumpha, ndipo kogwirana kaja sikachedwa kupulumuka. Kukokana kulipobe, kungoti sikukwanitsanso kugwira nthawi yaitali. Palibe madzi amene awonjezeka, ndipo mamolekyu sanachepe msinkhu. Umboni wake ngwapafupi. Siyani uchi wofunditsidwa uja uzizire, ubwerera kulimba kwake kwakale. Uchi wothiridwa madzi subwerera.

Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti uchi ndi mafuta samvera kutentha mofanana. Mukakweza kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 40, ulesi wa mafuta umatsika ndi theka, kapena kuposa pang'ono. Wa uchi umatsika pafupifupi ka 10. Madzi nawo amasintha, koma pang'ono moti ndi maso simungaone. Ndiye amene amagwirana kwambiri ndi amenenso amamasuka kwambiri akamva kutentha.

Tiyeni tiwerengere ndi ntchito yanga ija. Uchi umadutsa pa fanulo kulowa m'botolo, ndipo pa chinthu cholimba chonchi nthawi yodutsira imayenda limodzi ndi ulesi wake: ulesi ukachuluka kawiri, nthawinso kawiri. Tinene kuti m'mawa wozizira, uchi uli pa madigiri 20, botolo limodzi likutenga mphindi 10 kuti lidzaze. Mabotolo 20 ndiye mphindi 200, maola atatu ndi mphindi 20, utangoima ndi jagi m'manja. Uchi womwewo ukafika pa madigiri 40, botolo limodzi ndi mphindi imodzi ndi kachidutswa, ndipo mabotolo onse atha theka la ola lisanakwane. Kwa munthu amene ali ndi homuweki ya Masamu ikumudikira, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Si nthawi yokha. Uchi wozizira umakanirira m'mbali mwa ndowa ndi pa nsalu yosefera, ndipo wotsalirawo ndi ndalama. Wofunda umatsetsereka nkusiya ndowa itangonyowa pang'ono. Komanso timathovu ta mpweya timene timalowa pothira timakwera msanga mu uchi wofunda. Mu wozizira timakhala momwemo masiku, botolo nkumaoneka lachifunga, ogula nkumakayikira.

Tsono kafunditsidwe kake ndi kumene anthu ambiri amawonongera. Uchi suikidwa pamoto. Poto akakhala pa mafuwa, wapansi umapsa wapamwamba usanamve nkomwe, chifukwa chinthu chaulesi sichizungulira m'poto ngati mmene amachitira madzi. Umada, fungo la maluwa lija limathawa, umayamba kumveka ngati shuga wopserera. Tizidutswa ta phula totsalira timasungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 60, nkusakanikirana ndi uchi. Komanso muli zinthu zina zimene njuchi zimaikamo, ma enzayimu, zimene kutentha kwambiri kumaziwononga. Nchifukwa chake alimi a njuchi sakonda kupyola madigiri 40. Ndipo nambalayi si yachilendo kwa uchi, poti mkati mwa mng'oma, pamene pali ana, njuchi zimasunga kutentha kwa madigiri pafupifupi 35. Uchi kwawo umakhala wofunda kale.

Ife timachita chonchi. Timatereka madzi, nkuwasakaniza ndi ozizira m'beseni mpaka afike poti ukaviika chigongono akumveka ofunda koma osawotcha, ngati osambitsira khanda. Thupi la munthu lili pa madigiri 37, ndiye chigongono ndiye choyezera chathu. Ndowa ya uchi, yotseka bwino, timaikhazika m'besenimo, madzi osafika pa chivindikiro. Kenako kudikira, ndipo apa mpamene pamafunika mtima. Uchi umachedwa kulandira kutentha: wa m'mbali umafewa wapakati ukadali gwa, ndiye pamafunika kutakasa ndi mthiko wouma nthawi ndi nthawi, ndi kusintha madzi akazizira. Ndati wouma, ndipo ndikubwereza. Madzi akalowa mu uchi nkupitirira magawo 20 pa 100, uchi umayamba kusasa. Mudzaudziwa ndi thovu pamwamba, kafungo ka mowa, ndi chivindikiro chofufuma. Umenewo ndiye uchi wothiridwa madzi weniweni. Wongothamanga chifukwa cha dzuwa la mu Okutobala suchita thovu, ndipo mukaugoneka pamalo ozizira m'mawa muupeza utalimbako.

Mlandu wa mu Juni uja uli ndi mbali ina. Nthawi zina uchi sungolimba chabe, umachita mchengamchenga, nkuyera pansi pa botolo. Uku si ulesi uja ayi. Mu uchi muli shuga wamitundu iwiri ikuluikulu, gulukosi ndi fulakitosi, ndipo gulukosi ndi wochuluka kuposa amene timadzi tochepa tija tingasunge. Ndiye pakapita nthawi amatuluka nkupanga timibulu. Izi zimafulumira kwambiri pa madigiri pafupifupi 14, kuzizira kwa m'nyumba zathu usiku wa Juni ndi Julaye. Uchi weniweni umatero, ndipo sunawonongeke. Beseni lomwe lija limaubweza, kungoti pamafunika nthawi yaitali, chifukwa tsopano mukusungunula timibulu, osati kungofewetsa. Ndipo asakunamizeni kuti kulimba ndi umboni wa uchi wabwino. Madzi a shuga owiritsa kwambiri amalimbanso, nanga simunaonepo?

Za mafuta sindichulutsa, poti nonse mumaziona. Thirani supuni imodzi m'poto wozizira, imakhala pamodzi ngati ikuganiza. Poto akatentha imathamanga ngati madzi nkufika paliponse. Amene makolo awo amakazinga mandasi kapena tchipisi pachiwaya akudziwa kuti zokazinga zimatsanulidwa pa sefa zikadali zamoto. Mafuta otentha amayoyoka msanga nkubwerera m'chiwaya. Mukachedwa amalimbako nkukanirira, mandasi nkukhala onona mopitirira, mafuta mwataya. Botolo limene mukuti latha, taliimikani chadodolido padzuwa kapena muliviike m'madzi ofunda, muona timafuta tokwana kukazingira tomato ndi anyezi tikutsika. Pamoto pokha ayi, pulasitiki imakwinyika, ndipo botolo lagalasi lozizira likakumana ndi madzi owira limasweka. Musanathire mafutawo m'poto pukutani botolo kunja, chifukwa dontho la madzi likagwera m'mafuta amoto limasanduka nthunzi nthawi yomweyo nkukuthethetserani kumaso.

Mafuta ena, makamaka ochokera ku kanjedza, amachita mtambo kapena kugwirana pansi pa botolo kukazizira. Sanawonongeke. Ena mwa mamolekyu ake ndi owongoka, ndiye amasanjana bwino nkuuma msanga, ndipo akafunda amayeranso. A mpendadzuwa ndi a soya michira yake ndi yopindikapindika, siisanjika, nchifukwa chake kuzizira kwa kuno sikuwagwira.

Kanthu kena kakang'ono, ka inu amene mumatumidwa kukagula mafuta oyeza pamsika. Mafuta akafunda samangoyenda msanga, amafufumanso pang'ono: lita imodzi imawonjezera mamililita pafupifupi 7 pa madigiri 10 alionse. Ndiye kakapu ka masana kali ndi mafuta ocheperako kuposa ka m'mawa. Musathamange kukakangana ndi ogulitsa, chifukwa pa kakapu kamodzi kusiyanako ndi timadontho chabe, ndipo m'mawa kukuzizira ambiri kuposa amenewo amatsalira m'mbali mwa kakapu komweko. Chofunika nkuwauza mwaulemu kuti, "Mayi, tadikirani pang'ono adonthe onse."