Pepala Limodzi Musaliwerenge Kawiri

Ngati munafunsirapo nchito ku mafakitale a mu msewu wa Kafue, mudziwa lamulo lake: siivi ikhale masamba awiri chabe, bwana alibe nthawi. Manje mwatsiriza masitazi, mwaona chilengezo chakuti ku UNZA, ku CBU kapena ku Mulungushi afuna lekichala. Apa lamulo lija lisiyeni panyumba. Siivi ya ulekichala itha kufika masamba asanu ndipo palibe adzadandaula, chifukwa amene aiwerenga ndi komiti ya malekichala. Iwo ali ndi mafunso atatu: munalemba chiyani, munaphunzitsa ndani, nanga ndani anakukhulupirirani ndi ndalama ya kafukufuku?

Kuno ku Linda anthu adziwa kuti ndiphunzitsa pa koleji, ndiye ma siivi abwera pakhomo panga ngati tomato wa pa msika. Ndondomeko imene ndiwapatsa ndi iyi, ndipo mitu muilembe monga mmene ilili apa:

```
Education
Academic Appointments
Publications
Grants and Awards
Teaching Experience
Conference Presentations
Referees
```

Pansi pa mutu uliwonse yambani ndi chatsopano, mubwerere kumbuyo. Pa maphunziro musaiwale setifiketi ya giredi 12, pakuti mayunivesite a boma amaifuna ngakhale muli ndi masitazi. Zilengezo zambiri zifunanso kuti mapepala anu atsimikizidwe ndi ZAQA, ndiye pitani msanga, osati mu sabata yotseka.

Pamene ambiri agwera ndi pa `Publications`. Lekani ndikuuzeni za mlongo wina wa muno mu komboni, mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Pansi pa mutu uwu anaika zinthu 7. Poyang'ana msanga zinali zowopsa ndithu. Tinakhala pansi ndi kufunsa chimodzi chimodzi: ichi chinatulukira kuti, ndipo anachiyesa ndani?

Choyamba chinali nkhani yotuluka mu jenala, ija imene akatswiri ena amayamba aiwerenga ndi kuidzudzula isanasindikizidwe. Ichi ndiye chenicheni. Chachiwiri jenala inachilandira, kalata ya mkonzi anali nayo, koma chinali chisanatuluke. Chimenechi chikhala pamodzi ndi choyamba, kumapeto kwake mulembe `In press`. Chachitatu anangotumiza chabe, yankho kulibe. Ichi chipita pansi pa kamutu kake, `Under review`, chifukwa mawa atha kuchikana. Chachinai chinali disateshoni yake ya masitazi. Malo ake ndi pa `Education`, pamodzi ndi mutu wake ndi dzina la amene anamuyang'anira. Ziwiri zinali zokamba pa misonkhano, zinasamukira ku `Conference Presentations`. Chotsiriza chinali nkhani ya mu nyuzipepala, tinachiika pachokha monga zolemba zina.

Pa 7 panatsala 2. Mlongo anaumitsa nkhope: “Ba aticha, manje mwanisiya na chani?” Ndinamuuza kuti ziwiri zoona ziposa 7 zosakaniza. Wa mu komiti amene anasindikizapo yekha amaona kusakaniza kotere mwamsanga, ndipo akagwira chimodzi chokokomeza, ayamba kukayikira tsamba lonse, ngakhale zimene munazigwirira thukuta.

Nkhani iliyonse muilembe mokwanira: maina a olemba onse, chaka, mutu, dzina la jenala, voliyumu, masamba, ndi nambala ya `DOI` ngati ilipo, kuti munthu akaifuna aipeze. Maina akhale mu mndandanda umene uli pa nkhani yosindikizidwa. Ngati ndinu wachitatu, khalani wachitatu. Dzina lanu mungolidetsa kuti lioneke. Kudzikweza kukhala woyamba ndi bodza limene ligwidwa ndi foni chabe.

Chenjeraninso ndi majenala a malonda. Zizindikiro zake n'zosabisika: akutumizirani imelo yokutamandani musanawafune, alonjeza kusindikiza mu masiku ochepa, afuna ndalama msanga, ndipo jenala imodzi isindikiza zaulimi, zamalamulo ndi zamano pamodzi. Jenala yeniyeni imatenga miyezi ndipo imabweza nkhani yanu ndi ndemanga zowawa. Kulipira pakokha si umboni wa chinyengo, pakuti majenala ena abwino amalipiritsa, koma ngati palibe anakuuzani kuti konzani apa ndi apa, ndiye kuti palibe anaiwerenga. Yotere ikakhala pa siivi, ikuchotserani ulemu m'malo mokuwonjezera.

Pa misonkhano lamulo ndi limodzi: mulembe pamene munakamba, osati pamene munapezekapo. Kukhala kumbuyo ndi kulandira kachikwama si kukamba. Tchulani mutu, dzina la msonkhano, tauni, mwezi ndi chaka, ndiponso ngati munakamba pakamwa kapena munapachika posita. Mwa ziwiri za mlongo uja, imodzi inali posita, ndipo tinalemba tero. Chinanso: nkhani imene ili mu jenala ija anayamba waikamba pa msonkhano. Kuionetsa ku mbali zonse ziwiri n'kololeka, chifukwa kukamba ndi kusindikiza ndi nchito ziwiri. Chosaloleka ndi kuiika kawiri pansi pa `Publications` ndi mitu yosinthako pang'ono.

Ku `Grants and Awards` mlongo analemba dzina la pulojekiti yaikulu ndi ndalama zake zonse. Nditafunsa, ndinapeza kuti giranti inali ya mkulu wina wa kafukufuku. Iye anayenda m'masukulu 12 kusonkhanitsa mayankho. Iyo ndi nchito yabwino, koma malo ake ndi pa zimene anagwirapo, ndi udindo wake weniweni, `Research Assistant`. Giranti ndi yanu ngati dzina lanu lili pa pempho limene linapambana. Zikatero lembani amene anapereka, mutu, zaka, kuchuluka kwa ndalama ndi udindo wanu. Ngati munapatsidwa basale kapena tikiti yopitira ku msonkhano, izo zilowa monga mphoto. Ngati mulibe chilichonse, chotsani mutuwo; wongoyamba kumene sadabwitsa akasowa giranti, koma mutu wopanda kanthu pansi umaitana diso.

Gawo limene linamunyamula mlongo ndi limene iye analipeputsa. Pa `Teaching Experience` analemba mzere umodzi, wakuti anaphunzitsa pa koleji madzulo. Titafukula, zinatuluka izi: kosi ya masamu ya chaka choyamba cha dipuloma, ophunzira 64, matemu atatu, mayeso anakonza yekha ndi kuchonga yekha, ndiponso anayang'anira mapulojekiti a ophunzira 5. Zonsezi tinazilemba, kosi iliyonse ndi dzina lake, chaka chake ndi chiwerengero chake. Zaka za ku sekondale tinaziika pansi pake, pazokha. Komiti ifuna kudziwa ngati mungaime patsogolo pa holo yodzala pa Mande, ndipo manambala awa ndiwo ayankha. Werenganinso chilengezo: ngati afuna wa kosi yakutiyakuti ndipo munaiphunzitsapo, iyambe ndiyo. Ku koleji imene nchito yaikulu ndi kuphunzitsa, gawo lonseli mutha kulikweza pamwamba pa `Publications`.

Musanapite ku kafe kukapulinta, tengani bolopeni muyende mzere ndi mzere. Pa uliwonse dzifunseni: akati onetsani, ndidzatulutsa chiyani? Kalata ya mkonzi, pulogalamu ya msonkhano yokhala ndi dzina lanu, kalata ya kontirakiti. Mzere umene ulibe pepala kumbuyo kwake, upezereni umboni kapena muufute. Ndipo anthu atatu a pa `Referees` muwaimbire foni lero, mmodzi akhale amene anayang'anira masitazi anu, muwatumizire siivi yomweyi kuti zokamba zawo zisasiyane ndi zanu.