Mawu ochepa pansi pa chithunzi cha bambo

Tsiku lokumbukira imfa ya kholo likafika, ambiri a ife timaika chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook. Chithunzi sichivuta kupeza. Pomwe pagona nkhani ndi pa mawu olemba m'munsi mwake. Ena amangoti "Mzimu wanu uuse mumtendere" basi. Ena amalemba ndime yaitali yofunsa imfa chifukwa chimene idawalakwira, n'kunena kuti dziko lidawathera. Sindikutsutsa chisoni cha munthu ayi. Koma mawu otere atha kukhala pansi pa chithunzi cha malemu aliyense, ndipo kholo lako lenilenilo silioneka.

Bambo anga adatisiya mu Juni, zaka zisanu zapitazo. Anali telala, ankasoka pakhonde la golosale ina. Sanali munthu wa nthabwala, ndipo sindikumbuka tsiku limene adandiuza kuti amandikonda. Nditalemba kuti "munali mnzanga wapamtima", azakhali anga angadziwe pompo kuti ndi bodza. Nditalembanso kuti "munali munthu wouma mtima", ndingakhale ndanena mbali imodzi yokha, mwiniwake sangayankhe, ndipo amayi angawerenge.

Ndiye ine ndimalemba ziganizo zitatu zokha. Choyamba chimanena amene ndikumukumbuka ndi zaka zimene zapita. Chachiwiri chimanena chinthu chimodzi chimene ndidachiona ndi maso anga. Chachitatu chimanena mmene ndiliri lero, mosawonjeza komanso mosachepetsa. Chaka chino zidatuluka chonchi:

"Ababa, lero zakwana zaka zisanu. Simunkalankhula zambiri, koma sukulu ikamatsegulira yunifolomu yanga inkakhala yosokasoka, ngakhale mutagona pakati pausiku. Ndimakusowani, makamaka ndikamva kulira kwa makina osokera."

Chiganizo chachiwiricho ndicho chimasenza katundu yense. Mawu akuti "simunkalankhula zambiri" ndi oona, ndipo aliyense wowadziwa amagwedeza mutu. Sakubisa khalidwe lawo, komanso sakuwazenga mlandu. Yunifolomuyo ikunena za chikondi popanda ine kutchula liwulo. Ngati mukusowa choti mulembe, musayambe ndi kufunafuna mawu okoma. Yambani ndi chinthu: njinga yawo, wayilesi imene ankamvera mpira, nkhwani zotendera zimene amayi ankaphika, kapena dzina limene ankakuitanani nalo.

Pa chiganizo chachitatu ndi pamene kukokomeza kumalowera. Mudzakuzindikira ndi mawu ngati "tsiku lililonse", "mpaka kalekale" ndi "sindidzasekanso". Ndimadzifunsa kuti, kodi n'zoona kuti ndimalira tsiku lililonse? Ayi. Pamatha milungu osawaganizira, kenako ndikadutsa pa telala pamsika mtima umachita kuti phwii. Ndiye ndimalemba zimenezo. Chisoni cha chaka chachisanu si chofanana ndi cha chaka choyamba, ndipo kuvomereza kuti bala likupola si kunyoza malemu.

Kunena zoona si kuulula zonse. Pali zitatu zimene sindiika. Matenda amene adawatenga ndi nkhani ya banja, makamaka ya amayi amene adakali moyo. Mikangano ya pamaliro kapena ya chuma cha masiye ndi yokambirana pamaso pa akuluakulu. Mawu ozungulira ngati "amene adatizunza akudzidziwa okha" amasandutsa chikumbutso kukhala bwalo la milandu. Chachitatu ndi chithunzi cha m'chipatala kapena cha bokosi. Ndimasankha chowaonetsa ali ndi mphamvu, tepi yoyezera ili m'khosi.

Ndisanatumize ndimachita ziwiri. Ndimawerenga mokweza ngati ndikuwauza iwowo, ndi ulemu wa "inu" umene ndinkawapatsa ali moyo. Liwu limene ndikadachita nalo manyazi pamaso pawo ndimalichotsa. Kenako ndimaimbira amayi, chifukwa si bwino kuti atsegule foni m'mawa n'kukumana ndi nkhope ya amuna awo mosayembekezera. Chaka china adandiyankha kuti, "Mwanawe, ika chija adavala jekete, ankachikonda." Ndidaika chomwecho.

Ganiziraninso malo oikapo. Za pa sitetasi ya WhatsApp zimachoka pakatha maola 24, ndipo mutha kusankha oti aone. Za pa Facebook zimakhalitsa, zimatha kubwereranso chaka chamawa ngati chikumbutso, ndipo mabwana ndi apongozi omwe amaziona. Mawu a misozi kwambiri ndimawatumiza kwa mchemwali wanga yekha, amene adali nane kumanda.

Ngati kholo lanu lidakupwetekani moti simukupeza chabwino choti munene moona, dzina lawo ndi zaka zimene zapita n'zokwanira. Ndipo chaka chimene mawu akana kubwera, palibe amene akukulondani. Kukalambula pamanda, kapena kukhala ndi kholo lotsalalo madzulo amenewo, nakonso ndi kukumbukira.