Chitsime Chikaphwa ku Nathenje

Mwezi wa Okutobala ukafika, ife a ku Nathenje timatsitsa ndowa m'chitsime n'kutulutsa matope okhaokha, madzi osamba pokaswali osapezeka. Pansi pathu palibe nyanja ngati ya kwanu kugombe. Madzi amakhala m'timipata ta thanthwe lofumbutuka ndi m'ming'alu ya mwala wolimba wa pansi pake. Amadzazidwa ndi mvula yolowa m'nthaka kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mvula ikatha, ife tikutunga, ena akutsikira kudambo, msinkhu wa madziwo umatsika. Chitsime chosaya chimayamba kuphwa. Mjigo nawonso umalavula mpweya madzi akatsika kupitirira pamene mpope wafika. Choncho chitsime tizikumba chilimwe chitafika pachimake, madzi ali pansi penipeni.