Chitseko cha sitolo ya agogo

Sitolo ya agogo anga aamuna inagwa mu Malichi 2023, usiku wina wa mvula ya namondwe Freddy. Inali itatsekedwa kwa zaka zambiri, munkangogona mileme, choncho palibe amene anavulala. Koma amayi atamva uthengawo anakhala chete tsiku lonse. M'nyumba imeneyo, kuseri kwa kauntala, ndi momwe anakulira, kufupi ndi Luchenza, pomwe ukaima pakhonde umaona phiri la Mulanje lili tolotolo.

Chomwe chinatsala ndi chithunzi chimodzi cha m'ma 1960, chopanda mtundu, kukula kwake ngati positikhadi. Chimaonetsa sitolo ya njerwa zootcha, khoma la pakhonde lopakidwa laimu, denga la malata, ndi kamtsikana kataima pafupi ndi chitseko. Kamtsikanako ndi amayi. Tsiku lina anandipatsa chithunzicho n'kunena kuti, "Iwe umapanga makhadi aukwati pakompyuta. Sungaibwezere mtundu wake nyumbayi, ndiionenso mmene inalili?" Ine ndinayankha mwamatama kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Abale anga, inanditengera miyezi iwiri.

Chiyambi chinali chosavuta. Ndinachiika pa sikana n'kusankha 600 dpi, kuti pochisindikiza chidzakule kawiri, kuchoka pa masentimita 14 kufika pa 28, popanda kusweka maonekedwe. Ndinachitsegula mu GIMP, ndinachotsa chikasu cha ukalamba ndi `Desaturate`, kenako ndinafufuta mikwingwirima ndi madontho pogwiritsa ntchito `Heal`. Chithunzi chenichenicho ndinachisiya pansi osachikhudzanso. Mtundu uliwonse ndinkaupaka pa leya yakeyake pamwamba, ngati mapepala oonekera osanjikiza, ndipo leya iliyonse ndinkaiika pa `LCh Color`. Ubwino wake ndi wakuti kuwala ndi mdima zimachokerabe ku chithunzi chakale chija, iwe umangowonjezera mtundu basi. Mizere ya pakati pa njerwa ndi mithunzi ya malata siikwiririka.

Vuto linayamba pamene ndinafuna kudziwa mtundu woti ndipake. Chithunzi chotere chimangosunga kuti chinthu chinali chowala kapena chakuda motani. Kompyuta imayeza zimenezi kuyambira 0, komwe ndi bii, mpaka 255, komwe ndi mbee. Koma penti yofiira ndi penti yobiriwira zikhoza kutuluka ndi nambala imodzimodzi. Mtundu unatayika tsiku lomwe wojambula anadina kamera, ndipo palibe batani loubweza. Chomwe nambala zingakuthandize ndi kukana mitundu ina.

Tengani denga. Malata osapaka akawombedwa ndi dzuwa amanyezimira, pachithunzi amatuluka pafupifupi oyera. Lathuli linkawerenga cha m'ma 90, lakuda kuposa njerwa zomwe zinali cha m'ma 130. Dzimbiri nalo limadetsa malata, koma limabwera mwa mawangamawanga, pomwe denga ili linali lofanana kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Ndiye kuti linali lopaka penti. Amayi ndi amalume onse anagwirizana kuti inali yofiira, yokhala ngati katondo. Nkhani ya denga inathera pomwepo.

Chitseko ndiye chinabweretsa mlandu. Chinali mumthunzi wa khonde, choncho ndinachiyerekeza ndi khoma la laimu la mumthunzi womwewo. Khomalo linali cha m'ma 150, chitseko cha m'ma 55. Sichikanakhala choyera kapena chachikasu, chifukwa mitundu imeneyo ndi yowala mwachibadwa, ndipo ukapaka chikasu pamalo akuda chonchi umapeza chinthu chonga matope. Kunatsala kubiriwira, buluu ndi kufiira kwakuda. Amayi anati, "Chinali chobiriwira ngati masamba a tiyi." Amalume pafoni anati, "Achemwali akalamba, aiwala. Chinali chabuluu, ndinkachitseka ndine madzulo aliwonse." Amayi atamva zimenezi sanayankhe, koma ndinaona kuti zawalasa. Masiku ano amaiwala pomwe aika magalasi, nthawi zina dzina la mdzukulu limawathawa, ndipo amachita mantha ndi zimenezi kuposa mmene amanenera. Kuwauza kuti aiwala chitseko cha kwawo sinali nkhani yaing'ono.

Ndinapaka chobiriwira kuti ndiwasangalatse, ndinamaliza zonse usiku umodzi, n'kuwaonetsa pafoni. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zakongola, mwanawe. Koma iyi ndi keke yaukwati, si kwathu ayi." Zinandipweteka, koma ankanena zoona. Njerwa zonse zinali za mtundu umodzi ngati Fanta. Thambo linali labuluu ngati la pakalendala. Phiri linali lobiriwira ngati lili kuseri kwa mpanda. Mtundu uliwonse pawokha unali wotheka, koma zonse pamodzi zinkanama.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita kubwinja lija. Ndinatola njerwa zingapo, ndinazitsuka, n'kuzijambula padzuwa. Apa ndi pomwe ndinaona chimene aliyense woumba njerwa amadziwa kale. Njerwa za mu uvuni umodzi sizifanana. Zomwe zinali pafupi ndi moto zimapsa kwambiri n'kukhala zofiira modera, zina mpaka kuderatu kumapeto. Za kunja kwa uvuni zimakhala zotuwirako. Nditabwerera ndinatenga mitundu itatu kuchokera pa zithunzi za njerwazo ndi `Color Picker`. Umodzi ndinauyala khoma lonse, iwiri inayo ndinkadontheza njerwa imodziimodzi, kutsatira zomwe chithunzi chakale chinkaonetsa kale kuti iyi ndi yakuda, iyi ndi yowala. Kenako ndinatsitsa `Opacity` mpaka cha m'ma 60. Mtundu womwe umaoneka wofooka ukamaupaka pa kachigawo kakang'ono umakuwa ukadzaza khoma lonse.

Chachiwiri chomwe ndinaphunzira kubwinjako ndi chakuti mthunzi uli ndi mtundu wake. Ndinaima pafupi ndi nyumba ina ya laimu yoyandikana nayo n'kuyang'anitsitsa. Mbali ya padzuwa inali yoyera mopita kuchikasu pang'ono. Mbali ya mumthunzi inali yoyera mopita kubuluu, chifukwa kuwala komwe kumafika pamenepo kumachokera kuthambo, osati kudzuwa lenileni. Kunsi kwa denga la khonde kunali kofiirira, chifukwa dothi la katondo limabweza kuwala m'mwamba. Ndipo m'munsi mwa khoma, mpaka m'mawondo, munali mzere wofiira wa matope omwe mvula imathovutsa chaka ndi chaka. Nditayang'ananso chithunzi cha agogo, mzere umenewo unalipo, wotuwa, ndipo ine poyamba ndinkauyesa litsiro la pepala. Ndinaupaka katondo. Mithunzi ndinaipatsa leya yake ya buluu wofooka kwambiri, cha m'ma 10 mpaka 15, woti munthu sangauloze koma akaoneka kuti wasowa ukauchotsa.

Chachitatu ndi mtunda. Chinthu chikatalikira, mpweya wa pakati pake ndi diso umachifafaniza mtundu n'kuchikokera kubuluu wotuwa. Phiri la Mulanje ukaliona uli ku Luchenza si lobiriwira, ngakhale lili ndi mitengo. Pachithunzi chathu linkangooneka mwa chizimezime, udzu wa pambali pa sitolo unali wouma ndi wothyokathyoka, zomwe zinandiuza kuti inali nyengo ya chilimwe, pamene fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zimadzaza mlengalenga. Thambo la nthawi imeneyo limakhala lotuwa, makamaka kufupi ndi phiri. Ndinachotsa buluu wa pakalendala uja, n'kusiya pang'ono pamwamba penipeni pokha, akumazilala potsika. Udzu ndinaupatsa mtundu wa udzu wofolera.

Koma ndisanachoke kubwinja kuja ndinapeza chinthu china. Pansi pa mulu wa njerwa panali chidutswa cha felemu ya chitseko, chiswe chitadya theka. Pamwamba pake panali penti yabuluu yosuluka. Mtima wanga unagwa, ndinati amalume apambana. Kenako ndinatenga mpeni n'kupala mopendeketsa pafupi ndi pomwe panali hinjesi, pomwe penti imaunjikana ndipo dzuwa silifika. Pansi pa buluu panatuluka kamzere kobiriwira, ndipo pansi pa kubiriwirako panali thabwa.

Ndinakhala pansi pa njerwa zomwezo. Amalume ndi aang'ono kwa amayi ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pachithunzicho amayi akuoneka a zaka ngati zisanu ndi zitatu, ndiye kuti amalume anali asanabadwe kapena anali kumsana. Chitseko chomwe iwo ankatseka madzulo chinali chitapakidwanso. Onse awiri ankakumbukira bwino, koma aliyense chitseko cha ubwana wake. Chidutswacho sichinena chaka chomwe buluu anabwera, inde, koma kubiriwira ndi komwe kunayamba, ndipo mboni yomwe inaima pachitsekopo tsiku limenelo ikuti chinali chobiriwira. Kwa ine zinakwana. Ndinatenga mtundu wa kamzere kaja, wodera kuposa womwe ndinapaka poyamba, n'kuuika pachitseko.

Diresi la kamtsikana kaja ndi lokhalo lomwe linalibe umboni. Amayi anaseka n'kunena kuti salikumbukira ngakhale pang'ono. Ndinalipaka buluu wofooka, ndipo kumbuyo kwa chithunzi chosindikizacho ndinalemba ndi pensulo zomwe zinachokera ku njerwa ndi thabwa, zomwe zinachokera kwa amayi, ndi zomwe ndinangoganiza ndekha. Sindikufuna kuti mdzukulu adzalumbire tsiku lina kuti agogo ake ankavala diresi labuluu chifukwa cha burashi yanga.

Nditawapatsa chithunzicho pamodzi ndi kachidutswa ka felemu, amayi sanayambe ndi chitseko. Chala chawo chinapita pa mzere wofiira wa m'munsi mwa khoma. Anati, "Apa ndi pomwe agogo ako aakazi ankatipakitsa laimu Khirisimasi ikayandikira, koma mvula ikangogwa kawiri zabwerera." Kenako anatembenuza kathabwa kaja, anaona kamzere kobiriwira, n'kunena kuti, "Tandipatse foni, ndiwaimbire amalume ako."