Mafuta a Kummwera ndi kachithunzi ka pa foni

Pamene mlembi wa nkhani ino ankayamba ukalaliki pa kampani ina yopikulitsa katundu, kumapeto kwa mwezi kunali nyengo ya thukuta. Mabuku a mainvoisi ankabwera kuchokera m'madepoti atamangidwa ndi chingwe, masamba a kaboni atafufuma ndi chinyezi, manambala ena osaoneka bwino chifukwa wogulitsa sanadinde cholembera mwamphamvu. Kalaliki ankatenga pepala lalikulu ndi rula, n'kujambula mizere: mayina a katundu kumanzere, zigawo pamwamba. Kenako invoisi imodzi imodzi, shuga uku, sopo uko, chala chili pa kakyuleta mpaka dzuwa kulowa. Zotsatira za mizere yopingasa zikakana kugwirizana ndi za mizere yotsika, ntchito inkayambiranso. Funso loti ndi katundu uti amene sakuyenda m'chigawo chiti linkayankhidwa mwezi wotsatira uli kale pakati.

Pepala la rulalo ndi lomwe lero likutchedwa pivoti tebulo. Nzeru yake inaonekera mu pulogalamu ya Lotus Improv mu 1991, ndipo Microsoft inaiika mu Excel 5 mu 1993 ndi dzina la PivotTable. Munthu amakoka mutu wa katundu n'kuuponya m'bokosi la `Rows`, wa chigawo mu `Columns`, wa ndalama mu `Values`, ndipo zimene kalaliki ankawonkhetsa masabata zimatuluka nthawi yomweyo. Mlembiyu anaiona ntchitoyo ikuchoka m'manja mwake ndipo sanadandaule.

Kusintha kwachiwiri ndi kumene kumamudya mutu. Masiku ano abwana ambiri sakutsegulanso fayilo. Mnyamata wa ku akaunti amajambula sikirini, n'kuponya kachithunziko pa gulu la WhatsApp, ndipo chigamulo chimapangidwa pa foni, munthu ali m'galimoto kapena pa mzere wa ku banki. Wogulitsa wina amayamikiridwa, wina amaitanidwa ku ofesi, zonsezo pa manambala khumi ndi angapo amene sangadinidwe.

Tiyerekeze kuti kachithunzi kabwera kotere, manambala ali m'mamiliyoni a kwacha, a mwezi umodzi:

```
Sum of Sales  Kumpoto  Pakati  Kummwera  Grand Total
Shuga            30      83       87        200
Sopo             13      42       45        100
Mafuta           17      55       28        100
Grand Total      60     180      160        400
```

Diso limathamangira pa 13. Ndiyo nambala yaing'ono kuposa zonse, ndiye munthu wofulumira amalamula kuti wogulitsa sopo wa ku Mzuzu afotokoze. Mlembiyu waonapo anthu olimbikira akudzudzulidwa mwa njira imeneyi, ndipo zimamupweteka, chifukwa chigawo cha Kumpoto n'chaching'ono pa chilichonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo a Kumpoto anali pafupifupi 13 peresenti, pamene Pakati ndi Kummwera chilichonse chinaposa 40 peresenti. Amene akufuna kuti Mzuzu igulitse sopo wofanana ndi Blantyre akufuna nkhuku iikire dzira la nthiwatiwa.

Funso loyenera ndi lakuti kabokosi kalikonse kanayenera kukhala ndi zingati, poona kukula kwa chigawo ndi kukula kwa katunduyo. Yankho lili m'mphepete mwa tebulo lomwelo. Kumpoto kwagulitsa 60 pa 400, yomwe ndi 15 peresenti. Pakati ndi 45 peresenti, Kummwera 40 peresenti. Sopo yense wagulitsidwa K100 miliyoni, ndiye gawo la Kumpoto linayenera kukhala K15 miliyoni. Kwapezeka 13. Kupereweraku ndi K2 miliyoni, ndalama imene oda imodzi ya sitolo yaikulu ingaibweze sabata yamawa.

Tsopano mafuta ophikira Kummwera. Nawonso onse pamodzi ndi K100 miliyoni, ndipo 40 peresenti yake ndi K40 miliyoni. M'kabokosi muli 28. Papereweratu K12 miliyoni, kasanu ndi kamodzi kuposa pa sopo uja, koma 28 imabisala bwino pakati pa anzake chifukwa ndi yaikulu kuposa 13 ndi 17. Amene ali ndi fayilo yeniyeni safunika kuwerengera pamanja. Amadina kumanja pa nambala iliyonse, n'kusankha `Show Values As`, kenako `Index`, ndipo Excel imachita izi pa kabokosi kalikonse:

```
(nambala × Grand Total) / (zonse za mzere wopingasa × zonse za mzere wotsika)
(28 × 400) / (100 × 160) = 0.70
(13 × 400) / (100 × 60)  = 0.87
```

Chotsatira chikakhala 1, kabokosiko kali pamene kanayenera kukhala. Chikatsika, pali kuperewera. Mafuta a Kummwera ali pa 0.70, otsikitsitsa m'tebulo lonse. Wolandira kachithunzi chabe angathe kuchita masamu omwewa pa kakyuleta ya foni, bola mizere ya `Grand Total` ikhale kuti sinadulidwe pojambula.

Pano mlembiyu amaumirira kuti munthu asathamange. Masamu amenewa amayerekeza kabokosi ndi anzake, ndiye chigawo china chikatupa, china chimaoneka chowonda ngakhale sichinalakwe. Mafuta a Pakati ali pa 55 m'malo mwa 45. Kodi Kummwera kwagwadi, kapena Pakati kwangochita mwayi? Njira yoyezera ndi kuona chigawo chilichonse pachokha, zimene Excel imazitcha `% of Column Total`. Kumpoto, mafuta ndi 17 pa 60, pafupifupi 28 peresenti ya malonda a chigawocho. Pakati ndi 55 pa 180, pafupifupi 31 peresenti. Kummwera ndi 28 pa 160, yomwe ndi 17.5 peresenti. Zigawo ziwiri zosiyana kukula kwambiri zikugwirizana kuti mafuta amatenga pafupifupi magawo atatu pa khumi a malonda, ndipo chachitatu chapatuka chokha. Apa munthu angathe kuloza chala molimba mtima: vuto lili pa mafuta, Kummwera.

Kuloza malo n'kumene kachithunzi kamathera. Chifukwa chake sikanena, ndipo apa kalaliki wakale uja anali ndi mwayi umene bwana wa pa foni alibe. Popeza invoisi iliyonse inkadutsa m'manja mwake, ankadziwa asanawonkhetse n'komwe kuti depoti yakuti inakhala sabata ziwiri yopanda mafuta, kapena kuti kasitomala wamkulu wakuti sanaonekere mwezi uno. Mu fayilo, nzeru imeneyo ilipobe: ukadina kawiri pa 28, Excel imatsegula tsamba latsopano lokhala ndi mizere yonse imene yapanga nambalayo, tsiku, kasitomala ndi depoti. Pa chithunzi, ungadine kangati, palibe chimatseguka.

Zifukwa zake zimasiyana, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Ngati katundu anatha m'depoti, mainvoisi a mafuta amaduka tsiku lina n'kudzayambanso tsiku lina, pamene a shuga ndi sopo akupitirira kwa makasitomala omwewo. Pamenepo wofunsidwa ndi wa nyumba yosungira katundu, wogulitsa alibe mlandu. Ngati msika walandidwa ndi mafuta otchipa a kampani ina, mainvoisi amakhalapo mwezi wonse koma oda iliyonse yachepa. Pali chifukwa chachitatu chimene mlembiyu amayamba nacho akaona manambala onga awa, pamene Pakati pakwera ndi 10 ndipo Kummwera kwatsika ndi 12. Ntcheu ili m'chigawo cha Pakati, Balaka ili Kummwera, ndipo maboma awiriwa ndi oyandikana pa msewu wa M1. Lole yochokera ku depoti ya Lilongwe ikatsitsa mafuta ku Balaka, ndipo wolemba n'kuika chigawo motsatira depoti m'malo motsatira kasitomala, malonda a Kummwera amakalowa m'kabokosi ka Pakati. Mafuta agulidwa, ndalama zalowa, koma tebulo likuonetsa chigawo chimodzi chikudwala ndi china chikunenepa. Manambala awiri oyandikana akapatuka mofanana, wina kukwera wina kutsika, ndi bwino kufunsa kaye mmene chigawo chimalembedwera.

Chithunzi chimathanso kunama chisanafike n'komwe pa masamu, choncho mlembiyu amayamba kuchiwerenga m'makona. Pakona ya pamwamba kumanzere payenera kulembedwa `Sum of`. Pakakhala `Count of`, manambalawo ndi kuchuluka kwa mainvoisi, ndipo Excel imasankha yokha zimenezi ikapeza mawu m'danga la ndalama. Kachizindikiro konga fanelo pambali pa mutu kamatanthauza kuti wina wasefa, mwina wachotsa sabata imodzi kapena kasitomala mmodzi. Danga lolembedwa `(blank)` ndi malonda opanda chigawo, ndipo K12 miliyoni ija ingakhale ili mmenemo. Dzina la chigawo likalembedwa ndi mpata kumapeto, limatuluka ngati chigawo chachinayi, chimene wojambula angachidule poganiza kuti n'chobwereza. Kuwonkhetsa mzere umodzi pamanja kumaulula zimenezi: 17, 55 ndi 28 zikupanga 100, ndiye palibe danga lobisika.

Cholakwika chimodzi sichioneka pa chithunzi ngakhale pang'ono. Pivoti tebulo imasunga kope lake la manambala, ndipo mainvoisi atsopano akalowetsedwa, tebulo limene silinakonzedwe kuti lizidzisintha lokha limadikira kuti munthu adine `Refresh`. Depoti ya Blantyre ikachedwa kutumiza mapepala a sabata yomaliza, kachithunzi ka Lolemba ndi ka Lachitatu kamanena nkhani ziwiri zosiyana.

Bwana akafuna kutsimikiza poyerekeza ndi chaka chatha, pamabwera msampha wa kwacha. Mu Novembala 2023 ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wodalira zinthu zakunja inakwera kwambiri. Kabokosi kamene kakwera m'makwacha kangakhale katatsika m'makatoni. Mlembiyu akalandira kachithunzi kotere amabweza uthenga wopempha zinthu zitatu: tebulo lomwelo m'makatoni, la miyezi itatu yotsatizana kuti aone ngati 0.70 ija ndi ya mwezi umodzi kapena yakhazikika, ndi mizere ya mainvoisi a mafuta a Kummwera ndi Pakati yokhala ndi boma la kasitomala. Wogulitsa wa ku Blantyre amaitanidwa zinthu zitatuzi zikafika, ndipo wa sopo wa ku Mzuzu amasiyidwa kuti azipitiriza ntchito yake.