"MULUNGU AKACHITA" SI TSIKU LA PA KALENDALA

Lero uthenga watalikako, koma werengani mpaka kumapeto, maka inu amene mukukhala m'nyumba ya lendi.

Pa zaka zomwe ndatumikira, ndaona ana a Mulungu ambiri akutulutsiridwa katundu panja. Ambiri mwa iwo ndalama yochepa anali nayo ndithu. Chinawapweteka ndi momwe anayankhira eni nyumba, kapena kusayankha kumene. Wina amathimitsa foni. Wina amalemba kuti "Osadandaula bwana, Mulungu akachita ndipereka." Abale anga, ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachita, ndimalalikira zimenezo sabata ndi sabata. Koma landilodi sangalembe "Mulungu akachita" m'kabuku kake. Iye akufuna amve zinthu ziwiri: zingati, komanso liti.

Umboni wake nawu. Mwini nkhani wandilola kuti ndiifotokoze bola ndisatchule dzina.

Mayi wina wa mumpingo mwathu, wamasiye, amagulitsa kaunjika kuno ku Lilongwe. Nyumba yomwe amakhala ndi ya K80,000 pamwezi. Mwana atadwala, ndalama yapita kuchipatala, lendi ya Meyi ndi Juni inatsalira. Pa 12 Juni ananditumizira sikirinishoti ya uthenga wa eni nyumba. Unali wotere:

"Mayi, lero pa 12. Miyezi iwiri simunapereke, K160,000. Foni simukuyankha. Pofika pa 30 mukhale mutapereka, apo ayi mundipatse makiyi anga."

Pansi pake mayiwo analemba kuti, "Abusa, taonani nkhanza za munthuyu. Ndimuyankhe bwanji?"

Ndinati, "Mayi, tipemphere kaye, kenako tiwerengenso bwinobwino." Titawerenga mtima uli pansi, tinapeza kuti mulibe chipongwe ngakhale chimodzi. Muli ndalama, muli tsiku, ndipo muli dandaulo. Dandaulolo ndi lija lakuti "foni simukuyankha." Bambo ameneyu chinamuwawa kwambiri ndi kumuthawa. Munthu amene wakubwereka denga akamaimba iwe osayankha, amayamba kuganiza kuti usamuka usiku.

Ndinawafunsa ngati K160,000 ikugwirizana ndi zomwe iwo akudziwa. Anayang'ana mauthenga a Mpamba omwe amasunga, inali yolondola. Izi muziyamba mwaona musanayankhe. Ngati munaperekapo kena kake ndipo sikanawerengedwe, tumizani umboni wake mwaulemu mu yankho lomwelo, osadikira tsiku la mkangano.

Kenako tinafika povuta. Mayi aja chifukwa cha mantha ankafuna kulemba kuti apereka yonse pa 30. Ndinafunsa, "Ichokera kuti?" Anangoti zii. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ukalonjeza chomwe sungathe n'kulephera, uthenga wako wachiwiri sakhulupiriranso, ngakhale ulumbire bwanji.

Ndiye tinatenga pepala. M'manja anali ndi K40,000. Mwezi wabwinobwino, akachotsa chakudya, makala, madzi, magetsi ndi za ana kusukulu, osakhudza mpamba wa bizinesi, amatsala ndi K110,000. Apa mvetsetsani: lendi siima chifukwa uli ndi ngongole. Pa K110,000 ija, K80,000 ndi ya mwezi watsopano. Yobwezera ngongole ndi K30,000 yokha. Anthu ambiri amagwa apa. Amaponya ndalama yonse ku ngongole yakale, mwezi watsopano n'kukhalanso ngongole, dzenje osadzadza.

Masamu anatuluka chonchi: K160,000 kuchotsa K40,000 kutsala K120,000. Pa K30,000 mwezi uliwonse, ndi miyezi inayi. Yankho lomwe tinalemba ndi ili:

"Mwaswera bwanji bambo. Uthenga wanu ndaulandira. N'zoona, ndili ndi ngongole ya K160,000, ya Meyi ndi Juni. Pepani kwambiri pochedwa, komanso posayankha foni yanu. Mwana anadwala, ndalama inathera kuchipatala. Ndikupempha mundilole ndibweze motere: mawa pa 13 Juni nditumiza K40,000. Kuyambira Julayi, lendi ya mwezi, K80,000, ndizipereka pa 5. Yotsala K120,000 ndizibweza K30,000 pa 20 mwezi uliwonse, kuyambira 20 Julayi mpaka 20 Okutobala. Ngati pena sipakukusangalatsani, ndiuzeni tikambirane, ndikhoza kubwera kwanu nthawi yomwe mungandiuze. Zikomo chifukwa cha kuleza mtima kwanu."

Taonani mmene uthengawu wayendera. Wayamba ndi kuvomera ngongole, ndalama yake kuitchula, kuti bamboyo asayambe ndi kukangana nawo. Chifukwa chochedwera chatenga chiganizo chimodzi basi. Mukalemba ndime zisanu za mavuto anu, wowerenga amaona ngati mukukonza njira yoti musapereke. Ndipo K40,000 ya mawa ija ndi imene inanyamula uthenga wonse, chifukwa pulani yopanda kanthu m'manja imamveka ngati nthano.

Taonaninso zomwe sitinalembe. Mayi aja anati, "Abusa, tiikemo zoti denga likudontha, chaka chonse sanakonze." Ndinati nkhaniyo ndi yoona ndipo ili ndi tsiku lake, koma mukaiphatikiza ndi ngongole imveka ngati mukubwezera. Mudzaikambe mutaperekako kawiri. Sitinaikemonso vesi, kapena mawu akuti "Mulungu akuona." Kugwiritsa ntchito dzina la Ambuye poopseza munthu amene akufuna ndalama yake, imeneyo si nkhondo yauzimu ayi. Landilodi si chiwanda. Mwina nayenso akudikira lendi yomweyo kuti alipire fizi.

Sikirinishoti ija ndinawauza kuti ithere pa ine. Isapite ku gulu la amayi, isapite pa sitetasi. Mauthenga ali ndi miyendo. Ikamupeza mwini wake, kukambirana kwatha.

Bambo aja anayankha m'mawa mwake: "Ndamva mayi. Koma Okutobala ndi kutali." Aleluya! Amene amafuna makiyi tsopano akukamba za miyezi. Mayi aja sanathamangire kuvomera zilizonse. Anawerengeranso, n'kukumbukira kuti kumapeto kwa Juni ndi ulendo wawo wolandira chipereganyu. Anatapako K30,000 n'kulonjeza kuipereka pa 30 Juni, kuti ngongole ithe pa 20 Seputembala. Bambo aja analemba kuti "Chabwino." Mawu amenewo anawasunga, pamodzi ndi uthenga wa Mpamba wa ndalama iliyonse yomwe anatumiza. Potumiza ankaikanso kapamwamba kochotsera, kuti mwini nyumba alandire yathunthu.

Mu Ogasiti malonda anavuta. Pa 17 anaona kuti pa 20 sikwana. Sanadikire kuimbiridwa. Analemba tsiku lomwelo kuti pa 20 atumiza K20,000, ndipo K10,000 pa 27. Anachitadi momwemo. Kuchenjeza kusanafike tsiku ndi ulemu. Kupepesa litadutsa ndi chizolowezi chomwe eni nyumba anatopa nacho. Pa 20 Seputembala ngongole inatha, osapita kwa akatapila. Ulemerero kwa Yesu!

Mukukumbukira mkazi wamasiye wa mu 2 Mafumu 4? Mafuta atachuluka, Elisa anamutuma kukagulitsa kuti ayambe wabweza ngongole, zotsalazo ndiye adye ndi ana ake. Chozizwa sichinafufute ngongole, chinamupatsa chobwezera.

Inu amene uthenga wa landilodi uli mufoni ndipo mukuopa kuutsegula, utseguleni lero. Pempherani, tengani pepala, lembani zingati ndi liti, muyankhe dzuwa lisanalowe. Nanunso eni nyumba amene muli mumpingo, munthu akabwera ndi masiku ndi ndalama m'manja, mumvereni.

Ambuye akutsegulireni makomo a malonda ndi ntchito, ndipo mawu anu akhale odalirika pamaso pa anthu. M'dzina la Yesu, Ameni.